Mafunso ndi mayankho: ikwezhoni ya difarensho ya liniya ndi chochulukitsira chake

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza ophunzira masamu madzulo kuno ku Lusaka, ena a ku UNZA ndipo ena a m'makoleji a zaumisiri, ndipo mutu umene umabweranso chaka ndi chaka ndi wa ikwezhoni ya difarensho ya liniya, ya oda yoyamba, imene timapeza yankho lake pogwiritsa ntchito chimene m'kalasi amati integiretingi fakita. Ine pano ndichitchula kuti chochulukitsira, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo: timachulukitsa nacho mbali zonse ziwiri za ikwezhoni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira amandifunsa kawirikawiri, ndipo ambiri a iwo ndawayankha potsata chitsanzo chimodzi, cha thanki ya madzi a feteleza pamunda wa matimati.

Kodi ikwezhoni imeneyi ndi yotani, ndipo ndingaizindikire bwanji pa pepala la mayeso?

Ikwezhoni ya difarensho ndi imene imatiuza mmene chinthu chikusinthira, ndipo ntchito yathu ndi kupeza chinthucho. Tikati ndi ya oda yoyamba tikutanthauza kuti muli derivetivu yoyamba yokha, dy/dt, imenenso timailemba mwachidule kuti y'. Tikati ndi ya liniya tikutanthauza kuti n'zotheka kuisanja mpaka ioneke motere:

```
y' + p(t)y = q(t)
```

Chofunika kuyang'anitsitsa ndi mmene y ndi y' akuonekera. Aliyense wa iwo ayenera kuoneka yekha, wosachulukitsidwa ndi mnzake, wopanda sikweya, wosalowa mu sin, mu ln kapena pansi pa mzere wa fulakishoni. Koma p ndi q ali ndi ufulu wonse, malinga akudalira t yekha. Ophunzira ambiri amaona t² kapena sin t n'kuyamba kukayika, pamene zimenezo sizisokoneza kanthu. Ikwezhoni y' + t²y = sin t ndi ya liniya, pamene y' + y² = 1 si ya liniya, ngakhale ikuoneka yofatsa kuposa yoyambayo.

Chochulukitsira chimachokera kuti? Kodi ndi fomula yongoloweza pamtima?

Funso ili ndimalikonda kuposa onse, chifukwa amene wamvetsa yankho lake saiwalanso njirayi. Vuto lathu ndi lakuti sitingathe kuintegireta y' + p(t)y mwachindunji. Integiralo ya y' ndi y, koma ya p(t)y sitingaipeze popeza y amene ali mkatimo ndi yemweyo amene tikumufunafuna. Tsono tikumbukire lamulo la derivetivu ya zinthu ziwiri zochulukitsana. Tikakhala ndi fankishoni ina, imene tiitcha μ, lamulolo limati:

```
(μy)' = μy' + μ'y
```

Ndipo tikachulukitsa mbali ya kumanzere ya ikwezhoni yathu ndi μ yemweyo timapeza μy' + μp y. Mukaziika ziwirizi pafupi muona kuti zigawo zoyamba zikufanana kale, ndipo zachiwiri zifanana pokhapokha μ' = pμ. Tikapeza μ wokwaniritsa zimenezi, mbali yonse ya kumanzere imasanduka derivetivu imodzi, (μy)', imene kuintegireta kwake n'kosavuta. Tsono μ' = pμ ndi chimodzimodzi ndi μ'/μ = p, ndipo μ'/μ ndi derivetivu ya ln μ, choncho ln μ = ∫p dt, kutanthauza kuti:

```
μ(t) = e^(∫p(t) dt)
```

Njira yonse yagona pamenepa: ndi lamulo lomwe lija la zochulukitsana, koma tikuliyendetsa chobwerera. Gottfried Leibniz anali atapeza kale njira yothetsera maikwezhoni a liniya a oda yoyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo Leonhard Euler, amene anabadwa mu 1707 n'kumwalira mu 1783, ndiye anakulitsa kwambiri maganizo a chochulukitsira mpaka kufika pa maikwezhoni a mitundu ina.

Tipatseni chitsanzo chogwirika. Ikwezhoni yotere imabadwa bwanji?

Tiyerekeze mlimi wa matimati cha ku Chongwe amene amathirira ndi timapaipi todontheza madzi, ndipo amasungunulira feteleza m'madzi omwewo. Ali ndi thanki ya malita 1000. M'mawa wina muli malita 500 a madzi otsala dzulo, ndipo m'madzimo muli magalamu 400 a feteleza wosungunuka. Akutsegula paipi yolowetsa madzi atsopano, malita 10 pa mphindi, ndipo lita iliyonse ili ndi magalamu 2 a feteleza. Nthawi yomweyo pampu yaing'ono ikutulutsa malita 5 pa mphindi kupita kumunda. Tivomerezane kuti madzi a m'thanki ndi otakasika bwino nthawi zonse. Funso la mlimiyu ndi lakuti pamene thanki ikudzaza, mukhala feteleza wochuluka bwanji.

Titchule y kuchuluka kwa feteleza m'thanki, m'magalamu, ndipo t akhale mphindi kuyambira pamene paipi yatsegulidwa. Kusintha kwa y pa mphindi ndi feteleza wolowa kuchotsapo wotuluka. Wolowa ndi wosavuta: malita 10 kuchulukitsa ndi magalamu 2 ndi magalamu 20 pa mphindi. Wotuluka ndiye amafuna kudekha, chifukwa amadalira mphamvu ya madzi a m'thanki pa nthawi imeneyo, ndipo mphamvuyo ndi y kugawa ndi kuchuluka kwa madzi. Madziwo sakhala malita 500 mpaka kalekale. Popeza akulowa 10 ndipo akutuluka 5, akukwera ndi malita 5 pa mphindi, motero pa nthawi t alipo malita 500 + 5t. Feteleza wotuluka pa mphindi ndi 5y/(500 + 5t), chimene tikachepetsa ndi 5 pamwamba ndi pansi chimakhala y/(100 + t). Ikwezhoni yathu ndi iyi:

```
y' = 20 − y/(100 + t),    y(0) = 400
```

Thanki idzaza pamene 500 + 5t = 1000, ndiye kuti pa t = 100. Ikwezhoniyi ikugwira ntchito kuyambira t = 0 mpaka t = 100 basi, ndipo ndi bwino kulemba zimenezi pambali musanayambe kuwerengera.

Tsopano tiipeza bwanji y, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Choyamba ndi kuisanja ikwezhoni kuti y' ndi y akhale kumanzere, y' ali yekha wopanda chomuchulukitsa, ndipo zotsala zikhale kumanja. Tikasamutsa chigawo cha y chizindikiro chake chimasintha:

```
y' + y/(100 + t) = 20
```

Apa p(t) = 1/(100 + t) ndipo q(t) = 20. Musawerenge p musanasanje, chifukwa pa mzere woyamba uja chigawochi chinali ndi chizindikiro chochotsera, chimene si cha p.

Kenaka tipeze chochulukitsira. Integiralo ya 1/(100 + t) ndi ln(100 + t), ndipo popeza e ndi ln amafafanizana, μ = e^(ln(100 + t)) = 100 + t. Tichulukitse nacho chigawo chilichonse, osaiwala cha kumanja:

```
(100 + t)y' + y = 20(100 + t)
```

Pano ndimapempha wophunzira aliyense kuti aime kaye, asathamangire kuintegireta. Tengani μy, amene pano ndi (100 + t)y, mupeze derivetivu yake. Mupeza (100 + t)y' + y, zofanana ndendende ndi mbali ya kumanzere. Kuyesa kumeneku kumatenga mzere umodzi wokha, ndipo ndi kumene kumakutsimikizirani kuti chochulukitsira ndi cholondola. Tsopano tingathe kulemba ndi kuintegireta mbali zonse:

```
((100 + t)y)' = 20(100 + t)
(100 + t)y = 10(100 + t)² + C
y = 10(100 + t) + C/(100 + t)
```

Chatsala ndi kupeza C kuchokera pa zimene zinalipo poyambira. Pa t = 0 tili ndi y = 400, choncho 400 = 1000 + C/100, ndipo C = −60000. Yankho lathunthu ndi ili:

```
y = 10(100 + t) − 60000/(100 + t)
```

Pa t = 50 tikupeza 1500 − 400, amene ndi magalamu 1100 m'malita 750. Pa t = 100, pamene thanki yadzaza, tikupeza 2000 − 300, amene ndi magalamu 1700 m'malita 1000, kapena kuti magalamu 1.7 pa lita.

Zigawo ziwiri za yankholi zili ndi tanthauzo limene mlimi angalimve. Choyamba, 10(100 + t), ndi chimodzimodzi ndi 2 kuchulukitsa ndi 500 + 5t, ndiye kuti ndi feteleza amene akanakhalamo madzi onse a m'thanki akanakhala ndi mphamvu ya magalamu 2 pa lita, monga olowawo. Chachiwiri ndi kuperewera kumene kwabwera chifukwa madzi a dzulo anali osukuluka. Poyamba kuperewerako ndi magalamu 600, pa mphindi 50 kwatsika kufika pa 400, ndipo pa mphindi 100 kwafika pa 300.

Ndingadziwe bwanji kuti yankho langa ndi lolondola popanda aphunzitsi pafupi?

Njira yotsimikizika ndi kulibwezera mu ikwezhoni. Derivetivu ya yankho lathu ndi y' = 10 + 60000/(100 + t)². Tikagawa y ndi 100 + t timapeza 10 − 60000/(100 + t)². Kuphatikiza ziwirizi kumafafaniza zigawo za 60000 n'kusiya 20, monga ikwezhoni ikufunira. Kenaka ikani t = 0 muone ngati mukupeza 400: 1000 − 600 ndi 400.

Palinso kuyesa kwina kumene sikufuna derivetivu, kungoganizira za thanki yeniyeniyo. Munali magalamu 400, ndipo m'mphindi 100 mwalowa magalamu 2000, choncho feteleza yense amene wafikapo m'thanki ndi magalamu 2400. Ngati mwatsala 1700, ndiye kuti 700 apita kumunda. Madzi amene anatuluka ndi malita 500, motero lita iliyonse inanyamula pafupifupi magalamu 1.4. Mphamvu ya madzi inayambira pa 0.8 n'kuthera pa 1.7, ndipo 1.4 ali pakati pa ziwirizi, choncho nambala zikugwirizana. Yankho lililonse lopitirira magalamu 2 pa lita likanakhala lolakwika, pakuti madzi sangapose mphamvu ya amene akuwadyetsa.

Aphunzitsi, ine C ndinamulemba, koma anandichotsera mamalikisi. Ndinalakwa pati?

Mtsikana wina anandibweretsera pepala lake tsiku lina madzulo magetsi atazima, tikuwerenga ndi tochi ya foni, ndipo chala chake chinali pa C amene analidi pamzere womaliza, wolembedwa bwino lomwe. Vuto silinali kuiwala C koma nthawi imene anamuika. Iye anaintegireta n'kupeza (100 + t)y = 10(100 + t)², anagawa n'kupeza y = 10(100 + t), kenaka anakumbukira n'kuwonjezera C kumapeto. Zotsatira zake zinali y = 10(100 + t) + C, ndipo poika y(0) = 400 anapeza C = −600.

Cholakwa chimenechi n'chobisika chifukwa yankholo limapambana mayeso a t = 0, limaperekadi 400. Koma pa t = 100 limapereka magalamu 1400 m'malo mwa 1700. Likunena kuti kuperewera kwa magalamu 600 kukhala chomwecho mpaka kalekale, ngati kuti madzi osukuluka a dzulo sakutuluka m'thanki. Mukalibwezera mu ikwezhoni mupeza 20 − 600/(100 + t), osati 20. C amabadwa pa mzere umene mwaintegireta, ndipo pogawa ndi μ nayenso amagawidwa. Inenso cholakwa chomwechi ndinachichitapo pa mayeso ndili wophunzira, ndipo kuyambira pamenepo ndimalemba C chizindikiro cha integiralo chikangochoka, ndisanachite china chilichonse.

Chimachitika n'chiyani ndikalakwitsa chizindikiro cha p?

Tiyeni tichite dala kuti muone. Wina akatenga p = −1/(100 + t) kuchokera pa mzere wosasanja uja, apeza μ = 1/(100 + t). Akangokhulupirira kuti mbali ya kumanzere ndi (μy)' osayesa, afika pa y/(100 + t) = 20 ln(100 + t) + C. Poika y(0) = 400, C akhala 4 − 20 ln 100, ndipo pa t = 100 yankho likhala 200(20 ln 2 + 4), pafupifupi magalamu 3573. Koma taona kale kuti feteleza yense amene analowapo m'thanki ndi magalamu 2400 okha, choncho yankholi likulenga feteleza amene palibe anamugula.

Kuyesa kwa mzere umodzi kuja kukanagwira cholakwachi nthawi yomweyo. Derivetivu ya y/(100 + t) ndi y'/(100 + t) − y/(100 + t)², pamene ikwezhoni yochulukitsidwa ndi μ ameneyu ili ndi chizindikiro chophatikiza pakati pa zigawo ziwirizo. Zikasiyana chonchi musapitirire, bwererani pa p.

N'chifukwa chiyani sitiika nambala yosasintha pointegireta p, pamene kwina konse mumatikakamiza kuiika?

Mukhoza kuiika, koma siisintha kanthu. Mukalemba ∫p dt = ln(100 + t) + k, chochulukitsira chikhala e^k(100 + t), ndipo e^k ndi nambala chabe, imene ichulukitsa mbali zonse ziwiri za ikwezhoni n'kuchoka pogawa. Ife sitikufuna zochulukitsira zonse zimene zingatheke, tikufuna chimodzi chogwira ntchito, choncho timasankha chosavuta, cha k = 0.

Chifukwa chomwechi n'chimene chimatilola kusiya timizere ta ln|x|. Integiralo ya 1/x ndi ln|x|, ndipo μ akhala |x|, amene ndi x kumene x ali pamwamba pa ziro ndi −x kumene ali pansi pa ziro. Kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi −1 basi, choncho μ = x amakwanira mbali iliyonse, malinga simukudutsa pa ziro penipenipo. Ufulu umenewu ndi wa chochulukitsira chokha. Pa integiralo yachiwiri, ya μq, ngati mwatuluka ln, timizereto tisungeni pokhapokha mukudziwa kuti za mkatimo zili pamwamba pa ziro.

Nanga y' akakhala ndi chinachake kutsogolo kwake?

Muyenera kugawa kaye. Titenge ikwezhoni iyi, imene ilibe thanki kumbuyo kwake koma imaphunzitsa zinthu zingapo nthawi imodzi:

```
xy' − 2y = x³
```

Amene athamangira kunena kuti p = −2 apeza μ = e^(−2x), ndipo ntchito yake yonse yotsatira ipita pachabe. Fomula ya μ inachokera pa ikwezhoni imene y' ali yekha, choncho tigawe chigawo chilichonse ndi x, kuphatikizapo cha kumanja, tipeze y' − (2/x)y = x². Tsopano p = −2/x, ndipo integiralo yake ndi −2 ln x. Apa pali msampha wina. Ambiri amalemba e^(−2 ln x) = −2x, poganiza kuti e ndi ln afafanizana n'kusiya zotsalazo. Iwo amafafanizana pokhapokha ln ali yekha pamwamba pa e, choncho −2 ayenera kuyamba walowa mkati: −2 ln x = ln(x^(−2)), ndipo μ = 1/x². Zotsatira zake ndi izi:

```
y'/x² − 2y/x³ = 1
(y/x²)' = 1
y/x² = x + C
y = x³ + Cx²
```

Tikapatsidwa y(1) = 3, ndiye kuti 3 = 1 + C, C = 2, ndipo y = x³ + 2x².

Koma kugawa ndi x kuli ndi mtengo wake, chifukwa pa x = 0 p alibe tanthauzo. Chiphunzitso chimati ngati p ndi q ali osaduka pa chigawo china cha mzere wa nambala, ndipo poyambira panu pali mkati mwa chigawocho, yankho lilipo, ndi limodzi lokha, ndipo limagwira ntchito pa chigawo chonsecho. Pa x = 0 lonjezo limeneli palibe. Onani kuti y = x³ + Cx² amapereka ziro pa x = 0, kaya C akhale chiyani. Choncho wina akakupatsani y(0) = 5 palibe yankho, ndipo akakupatsani y(0) = 0 mayankho ndi osawerengeka. Pa thanki yathu vutoli silinabuke chifukwa p amaduka pa t = −100, kutali ndi nthawi imene tikuwerengera.

Pa thanki ija μ anafanana ndi kuchuluka kwa madzi. Kodi zimatero nthawi zonse?

Ayi, zinangochitika chifukwa cha nambala zimene ndinasankha: madzi otuluka anali malita 5 pa mphindi, ndipo kukwera kwa madzi kunalinso malita 5 pa mphindi. Mlimi akanalowetsa malita 15 n'kutulutsa 10, madzi akanakwerabe ndi 5, koma p akanakhala 10/(500 + 5t), amene ndi 2/(100 + t), ndipo μ akanakhala (100 + t)².

Thanki ikadzaza mlimi osatseka paipi, yankho lomweli lipitirira?

Silipitirira, ndipo ichi n'chifukwa chake tinalemba pambali kuti ikwezhoni imathera pa t = 100. Mukaika t = 200 mu fomula ija mupeza magalamu 2800, amene akufuna thanki ya malita 1500 imene mlimi alibe. Thanki ikadzaza madzi amakhala malita 1000, ndipo otuluka amakhala malita 10 pa mphindi, 5 kudzera pa pampu ndi 5 osefukira pamwamba. Tiyambe kuwerenga nthawi mwatsopano ndi s, mphindi kuyambira pamene yadzaza. Feteleza wotuluka ndi 10y/1000, ndipo poyambira pathu ndi pamene gawo loyamba linathera:

```
y' + y/100 = 20,    y(0) = 1700
μ = e^(s/100)
e^(s/100) y = 2000 e^(s/100) + C
y = 2000 − 300 e^(−s/100)
```

Integiralo ya 20e^(s/100) ndi 2000e^(s/100), chifukwa timagawa ndi 1/100, kumene ndi kuchulukitsa ndi 100, ndipo C = −300 akuchokera pa 1700 = 2000 + C. Pakatha mphindi zina 100 muli magalamu pafupifupi 1890. Kuperewera kwa 300 kuja kukutha pang'onopang'ono, ndipo y akuyandikira 2000 osafikapo ndendende.

Wina angafunse chifukwa chake sitinangolekanitsa y ndi s m'malo movutika ndi chochulukitsira. Pa gawo lachiwirili n'zotheka ndithu, popeza p ndi q onse ndi nambala zosasintha, ndipo njira zonse ziwiri zimafika pa yankho limodzi. Koma pa gawo loyamba, 20 − y/(100 + t) sangalembedwe ngati chinthu cha t yekha chochulukitsidwa ndi chinthu cha y yekha, choncho kulekanitsa kumakanika, ndipo pamenepo chochulukitsira ndicho chimatipulumutsa.

Bwanji ngati integiralo ya μq ikukana?

Yambani mwakayikira ntchito yanu, chifukwa pa mafunso a m'kalasi integiralo yovuta modabwitsa kawirikawiri imasonyeza kuti p walakwika kapena mbali ya kumanja sinagawidwe. Ngati zonse zili bwino, yesani kuintegireta mwa zigawo, kumene kumafunika pa zinthu monga t e^(2t). Komabe alipo maintegiralo amene sangalembedwe ndi mafankishoni athu a masiku onse, ngakhale munthu akhale katswiri wotani. Ikwezhoni y' + 2xy = 1 ili ndi μ = e^(x²), ndipo integiralo ya e^(x²) ndi imodzi mwa amenewo. Zikatero njira sinalephere. Timalemba yankho integiralo ili momwemo, ndi malire ake:

```
y = e^(−x²) ( y(0) + ∫[0, x] e^(s²) ds )
```

Limeneli ndi yankho lathunthu, ndipo nambala yake pa x aliyense ingapezeke ndi kompyuta kapena ndi njira zoyerekezera monga lamulo la Simpson. Onani kuti chilembo cha mkati mwa integiralo ndi s, osati x, ndipo e^(−x²) wa kunjayo sangalowe mkati kuti akafafanizane ndi e^(s²).

Kodi njirayi ingagwire pa ikwezhoni imene si ya liniya?

Mwachindunji ayi, chifukwa mbali ya kumanja ikakhala ndi y sitingathe kuiintegireta. Koma pali banja limodzi limene limasandulika, la maikwezhoni a Bernoulli, otchedwa ndi dzina la Jacob Bernoulli amene anawafotokoza mu 1695. Amaoneka ngati y' + p(t)y = q(t)yⁿ, ndipo tikaika v = y^(1−n) timapeza ikwezhoni ya liniya ya v. Mwachitsanzo pa y' + y = y², tikaika v = 1/y timafika pa v' − v = −1, amene chochulukitsira chake ndi e^(−t), ndipo v = 1 + Ce^t. Pomaliza timabwerera kwa y = 1/(1 + Ce^t), osaiwala kuti y = 0 nalonso ndi yankho, limene linatayika pamene tinagawa ndi y².

Mlimi uja akayeza madzi ake, apezadi magalamu 1.7 pa lita?

Apeza nambala yoyandikira pamenepo ngati zimene tinavomerezana poyamba zili zoona pa thanki yake, ndipo pali zitatu zoyenera kuziyang'ana. Chachikulu ndi kutakasika. Polemba y/(500 + 5t) tinanena kuti lita iliyonse ya m'thanki ili ndi mphamvu yofanana ndi inzake. Koma madzi a feteleza wambiri amalemera pang'ono kuposa osukuluka, ndipo ngati paipi yolowetsa ikuthira pafupi ndi potulukira, madzi atsopano angatuluke asanasakanikirane ndi akale. Zikatero kumunda kupita feteleza wochuluka kuposa 700, ndipo m'thanki mutsala wochepa kuposa 1700.

Chachiwiri ndi pampu. Tinatenga malita 5 pa mphindi ngati nambala yosasintha. Alimi ambiri alibe pampu potulukira, amangoika thanki pa nsanja kuti madzi atsike okha, ndipo pamenepo liwiro la madzi otuluka limakula madzi akamakwera m'thanki. Pa kabowo kapena mpopi wamba, lamulo la Torricelli limati liwirolo limatsata sikweya ruti ya kutalika kwa madzi pamwamba pa potulukira. Ikwezhoni ya kutalika kwa madziyo si ya liniya, ndipo iyenera kuthetsedwa payokha poyamba. Koma ya feteleza imakhalabe ya liniya, chifukwa y akuonekabe yekha. Chimene chasintha ndi p(t), amene tsopano ndi madzi otuluka pa mphindi kugawa ndi madzi a m'thanki, zonse ziwiri zikusintha ndi nthawi, ndipo μ amapezeka ndi fomula yomwe ija ngakhale integiralo yake ingafune kompyuta.

Chachitatu ndi madzi enieniwo. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zakuya zambiri ali ndi kashiamu wochuluka, monga aliyense amene anasuzumirapo m'ketulo ya pakhomo n'kuona zoyera zomatirira pansi akudziwa. Feteleza wokhala ndi fosifeti akakumana ndi madzi otere, gawo lina limaundana n'kukhazikika pansi pa thanki kapena kutseka timabowo ta mapaipi. Feteleza ameneyo wachoka m'madzi osadutsa pa pampu, ndipo ikwezhoni yathu sinamuwerengere. Ngati wotayikayo pa mphindi ali gawo lokhazikika k la feteleza amene alimo, timawonjezera ky kumanzere, p amakhala 1/(100 + t) + k, ndipo chochulukitsira chimakhala (100 + t)e^(kt). Nambala k siichokera m'buku koma pa kuyeza madzi a thanki imeneyo kawiri kapena katatu pa nthawi zosiyana.